Positala ya kwaya isafanane ndi ya ogulitsa anapiye

Woyenda pansi kuchokera pa depoti ya Wenela kulowera m'tauni ya Blantyre sangalephere kuona mapepala omatidwa pamitengo, pamipanda ndi pamapolo a magetsi. Lina likulengeza msonkhano wa chitsitsimutso, lina sukulu ya mkaka yomwe ikulemba ana, lina anapiye a tsiku limodzi. Madzulo akatsegula foni, mapepala omwewo amamupezanso pa WhatsApp. Nkhani zake n'zosiyana kutalitali, koma maonekedwe ake amakhala ngati ana a mimba imodzi: kumbuyo kofiirira kowala, zilembo zagolide zopotanapotana, timaluwa m'makona, ndi chithunzi cha munthu womwetulira yemwe m'deralo palibe adamuonapo.

Ambiri mwa mapositalawa adapangidwa pa foni, ndipo ambiri adachokera mu Canva. Pulogalamuyi idayamba kugwira ntchito mu 2013 ku Australia, ndipo adayiyambitsa ndi Melanie Perkins, Cliff Obrecht ndi Cameron Adams. Perkins ankaphunzitsa ophunzira anzake ku Perth kagwiritsidwe ntchito ka mapulogalamu okonzera zosindikiza, ndipo adaona kuti anthu amatha nthawi yaitali akungophunzira pomwe pali mabatani. Cholinga chake chidali choti munthu wosaphunzira lusoli athe kupanga chinthu chooneka bwino. Zidathekadi. Lero mlembi wa mpingo, mayi wa geni ya makeke ndi mphunzitsi wa sukulu ya mkaka onse amapanga positala osalipira kanthu kupatula bandulo.

Vuto lidabwera ndi mwayi womwewo. Canva imapatsa munthu mapositala okonzeratu, omwe amatchedwa matempuleti, oti angosinthamo mawu. Anthu ambiri amalemba liwu limodzi pamalo ofufuzira n'kutenga tempuleti imodzi mwa zisanu zoyamba kuoneka. Wa kwaya ku Ndirande ndi wa anapiye ku Area 25 amapezeka atenga yomweyomweyo.

Palinso china chomwe anthu sachitchula kawirikawiri. Matempuletiwa adapangidwira mawu aafupi a Chingerezi. Pamalo pomwe wokonza tempuleti adaika liwu la zilembo 4 lolengeza kutsika kwa mitengo, wolemba Chichewa ayenera kuikapo "Tatsitsa mitengo", zilembo 15. Mawuwo sakwana, ndiye munthu amawachepetsa mpaka mutu wa positala umalingana ndi mawu ena onse, kapena bokosi la mawu limadula liwu pakati, theka n'kugwera pamzere wachiwiri. Zikatero kukongola konse kwa tempuleti kwatha, kwangotsala timaluwa tam'makona tija. Nchifukwa chake positala ya Chichewa imayenda bwino ikayambira pa tsamba lopanda kanthu.

Tiyerekeze mlembi wa kwaya ya mpingo wina ku Ndirande. Kwaya yakonza phwando la maimbidwe kuti ipeze ndalama zogulira zokuzira mawu, ndipo komiti yamutuma kuti apange positala. M'manja mwake muli pepala lomwe komiti yalemba: dzina la mpingo ndi la kwaya, vesi la m'Baibulo, mayina a makwaya 7 oyitanidwa, mlendo wolemekezeka ndi maudindo ake onse, tsiku, nthawi, malo, mtengo wolowera wa akulu ndi wa ana, manambala 3 a foni, ndi mawu othokoza omwe athandizapo. Onse pamodzi ndi mawu oposa 100.

Ntchito yoyamba sikhala pa foni ayi, imakhala pa pepala lomwelo, ndi cholembera. Munthu wodutsa pa kabaza kapena woyenda ndi dengu pamutu amaponya diso pa positala kamphindi chabe. Ngati kamphindiko sikamuuza kuti kuli chiyani, liti komanso kuti, sabwereranso. Choncho mlembi amazunguliza mawu m'magulu atatu. Loyamba ndi liwu limodzi kapena awiri oti aoneke munthu ali tsidya la msewu: "Maimbidwe". Lachiwiri ndi zomwe munthu afunika kuti afike: Loweruka pa 14 Juni, 1 koloko masana, kuholo ya mpingo, K2,000 pakhomo. Lachitatu ndi zomwe adzawerenge yekhayo amene waima n'kuyandikira, monga mayina a makwaya ndi nambala imodzi ya foni. Imodzi, osati zitatu. Mawu othokoza atha kudikira tsikulo, adzanenedwa pa maikolofoni.

Apa ndi pomwe pamavuta, ndipo kuvuta kwake si kwa luso la zojambula koma kwa ulemu. Kwathu kuno kusiya dzina la munthu wamkulu kapena kulilemba ting'onoting'ono kumatha kubweretsa mlandu, ndipo mlembi wanzeru sachita izi payekha. Amapita kwa wapampando n'kufotokoza kuti, "Abambo, tikakuza zonse palibe chomwe chioneke. Mlendo wolemekezeka timuike pamzere wakewake, pamalo poyera, anthu amuona bwino kuposa titamupanikiza pakati pa makwaya." Dzina likakhala palokha, litazunguliridwa ndi mpata, limalemekezeka ngakhale zilembo zake zili zapakatikati.

Olemba zikwangwani ndi bulashi pamagolosale ndi m'malo ometera adadziwa izi kalekale. Penti ndi yodula ndipo khoma ndi lochepa, ndiye amalemba dzina la golosale lalikulu, mitundu iwiri basi, zina zonse pansi. Pa foni chilichonse chimaoneka chaulere, choncho palibe chomuletsa munthu kuwonjezera, ndipo amayenera kudziletsa yekha.

Akamaliza za pepala, mlembi atsegule Canva, koma asayambire pa matempuleti. Asankhe Custom size n'kulemba kukula kwa pepala lomwe adzasindikizepo. Pepala la A4 ndi mamilimita 210 m'lifupi ndi 297 m'litali, pomwe la A3 ndi 297 ndi 420. Izi zimafunika kuganiziridwa poyambirira chifukwa batani losinthira kukula kwa chinthu chomwe chatha kale, la Resize, ndi la olipira. Zonse zolipira mu Canva zimakhala ndi kachisoti kachifumu pakona. Munthu akaika chithunzi chokhala ndi kachisotiko osazindikira, chimaoneka ndi timizere topingasa pamwamba pake, ndipo pofuna kutsitsa positala pulogalamuyi imamupempha ndalama. Ambiri amajambula sikirini kuti azembe, n'kutuluka ndi positala yambuu yokhala ndi timizere tija. Njira yabwino n'kuchotsa chinthucho.

Chinthu chomwe chimasiyanitsa positala ndi ena onse kuposa china chilichonse ndi chithunzi chenicheni. Tempuleti iliyonse ili m'mafoni a anthu osawerengeka, koma chithunzi cha kwaya ya ku Ndirande itavala yunifolomu yake chili kwa mlembi yekha. Anthu a m'deralo akaona nkhope ya mayi yemwe amagula naye tomato pamsika, amaima.

Kujambula kwake kuli ndi malamulo ochepa. M'tchalitchi muli mdima, ndipo foni ikajambula mumdima chithunzi chimatuluka ndi timadontho ngati mchenga. Dzuwa la masana nalo limaika mithunzi yakuda m'maso ndi pansi pa mphuno. Malo abwino ndi panja pamthunzi, monga pakhonde la tchalitchi, m'mawa kapena chakumadzulo, oyimba atayang'ana komwe kukuchokera kuwala. Kumbuyo kwawo kukhale khoma losalembedwa kanthu, chifukwa chida chochotsera zakumbuyo kwa chithunzi mu Canva nachonso ndi cha olipira. Ndipo m'malo mwa kwaya yonse ya anthu 40 itaima m'mizere, pomwe nkhope iliyonse imachepa ngati njere ya nyemba, ndi bwino kujambula anthu 3 kapena 4 chapafupi, ali pakati poyimba, pakamwa pali potsegula, manja ali m'mwamba. Chithunzi chotere chimanena chokha kuti kuli nyimbo. Ojambulidwawo auzidwe kuti nkhope zawo zikamatidwa pamsewu, ndipo ngati pali mwana, makolo ake avomereze kaye.

Pali msampha umodzi womwe umakola anthu ambiri. Foni yokhala ndi kamera ya mamegapikiselo 12 imajambula chithunzi cha mapikiselo pafupifupi 4,000 m'mbali yake yaitali. Osindikiza amafuna timadontho 300 pa inchi iliyonse, ndipo popeza A3 ndi mainchesi 11.7 m'lifupi, pamafunika mapikiselo pafupifupi 3,500 kuti chithunzi chidzaze lifupi lonse chili chakuthwa. Chithunzi chochokera mu kamera chimakwana bwinobwino. Koma ngati wojambula wachitumiza kwa mlembi pa WhatsApp mwa njira ya masiku onse, pulogalamuyo imachifinya kufika pa mapikiselo pafupifupi 1,600, osakwana theka la zofunika. Pa sikirini ya foni kusiyanako sikuoneka. Kumadzaoneka papepala, nkhope zitasungunuka, ndalama zitapita kale. Wotumiza asankhe Document m'malo mwa Gallery, ndipo chithunzi chimafika monga momwe chidajambulidwira. Wofuna kutsimikiza akuze positala pa sikirini mpaka diso la woyimba mmodzi lioneke lalikulu. Ngati m'mphepete mwa diso mwayamba kuoneka timabokosi, chithunzicho n'chofinyidwa.

Chithunzi chikalowa, chimathetsanso nkhani ya mitundu. Munthu akatsegula posankhira mitundu, Canva imaonetsa mitundu ingapo yomwe yatola m'chithunzi chomwe chili pa tsambalo. Tinene kuti kwayayi imavala mabulauzi oyera ndi zitenje zobiriwira modera zokhala ndi timaluwa tachikasu. Mitundu ya positala ndi yomweyo: wobiriwira modera, woyera, ndi wachikasu pang'ono pachinthu chimodzi chofunika kwambiri, monga tsiku. Positala imaoneka ngati yatuluka mu yunifolomu ya kwayayo, ndipo palibe tempuleti yomwe ingafanane nayo.

Mitundu iwiri ikhoza kukongola pamodzi koma osawerengeka. Chomwe diso limadalira powerenga ndi kusiyana kwa kuwala ndi kudera pakati pa zilembo ndi kumbuyo kwake. Zilembo zachikasu papepala loyera zimasowa. Zofiira pa zobiriwira zimaoneka zosiyana pa foni, koma kudera kwake n'kofanana, moti positala ikadutsa pa makina a fotokope zonse zimasanduka phulusa limodzi. Izi n'zofunika kuno, chifukwa makomiti ambiri amasindikiza mapositala awiri kapena atatu a mitundu, otsalawo n'kuchita fotokope. Kuyesa kwake n'kosavuta: kutsitsa positala, kuitsegula m'zithunzi za pa foni, n'kuisandutsa yakuda ndi yoyera. Chomwe chasowa pamenepo chidzasowanso pamtengo.

Mawu asalembedwe pamwamba pa nkhope kapena pa chitenje chamawangamawanga. Mlembi apereke gawo lapamwamba la pepala, kupitirira theka pang'ono, kwa chithunzi, ndipo pansi pake aike bokosi lobiriwira modera lomwe mawu oyera akhalepo.

Tsopano zilembo. Canva ili ndi mitundu yambirimbiri ya kalembedwe ka zilembo, yomwe amaitcha mafonti, ndipo positala ya munthu wongoyamba kumene imadziwika ndi kukhala ndi mafonti 5 kapena 6. Awiri ndi okwanira: ina ya mutu, ina ya zotsala. Ku Chichewa, komwe mawu ndi aatali, mafonti opyapyala ndi aatali monga Anton, Oswald kapena Bebas Neue ndi othandiza kwambiri pa mutu, chifukwa zilembo zambiri zimakwana pamzere popanda kuzifupikitsa. Mawu ang'onoang'ono amawerengeka bwino mu fonti yosakometsera ngati Open Sans kapena Montserrat. Mafonti onga olembedwa pamanja, opotana ngati a pakhadi la ukwati, amavuta kuwerenga patali, ndipo akalembedwa m'zilembo zazikulu zokhazokha sawerengeka n'komwe. Amene amalemba ŵ wa kadenga, monga mu Malaŵi, ayang'anitsitse, pakuti mafonti ena okometsera alibe chilembochi, ndipo chimatuluka chosiyana ndi zinzake m'liwu lomwelo.

Nanga mutu ukule bwanji? Opanga zikwangwani ali ndi muyeso wachidule: chilembo chotalika masentimita 2.5 chimawerengeka mosavuta munthu ali pa mtunda wa mamita 3. Woti awerenge ali mamita 6, tsidya la msewu wa m'dera, afunika zilembo za masentimita 5. Pa A3, lomwe ndi lalitali masentimita 42, izi zikutanthauza kuti mutu utenge pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 8 a kutalika kwa pepala, ndipo muyeso umenewu munthu atha kuuona ndi maso pa foni. Liwu loti MAIMBIDWE, la zilembo 9, mu Anton limafika pamenepo litatambasuka kuchokera kumanzere mpaka kumanja. Akadalemba "Phwando lalikulu la maimbidwe" pamzere umodzi, zilembo zikadachepa mpaka kusawerengeka patali. Choncho "Phwando la" likhale laling'ono pamwamba, MAIMBIDWE likhale lalikulu pansi pake. Tsiku ndi malo zikhale pafupifupi theka la mutu, ndipo mayina a makwaya achepe kuposa pamenepo moonekeratu. Kusiyana kwa kukula kukakhala kochepa, kumaoneka ngati kulakwitsa.

Robin Williams, mphunzitsi wa ku America amene mu 1994 adatulutsa buku lophunzitsa lusoli kwa anthu osaliphunzira, adatsindika mfundo zinayi, ndipo ziwiri mwa izo ndi zomwe zimasowa kwambiri m'mapositala a m'misewu yathu. Yoyamba ndi yoti zinthu zogwirizana zikhale pamodzi. Tsiku, nthawi ndi malo ndi yankho la funso limodzi, choncho zisamwazike, tsiku pakona yakumwamba, nthawi pansi, malo pakati. Yachiwiri ndi yoti zonse zitsate mzere umodzi wosaoneka. Ongoyamba kumene amaika chilichonse pakati, ndipo mizere yotalika mosiyana imapanga m'mbali mokhotakhota. Mlembi akayambitsa mizere yonse kumanzere, pamalo amodzi ndi pomwe payambira M wa MAIMBIDWE, positala imaoneka yadongosolo nthawi yomweyo. Canva imathandiza: munthu akamakoka chinthu, timizere timaoneka posonyeza kuti chalingana ndi chinzake, ndipo pa Position pali mabatani olinganizira zinthu zingapo pakamodzi.

Zikafika apa pamatsala mipata, ndipo dzanja limayabwa kufuna kuikapo kanthu: kanyenyezi, belu, nkhunda, timanoti ta nyimbo. Tinthu timeneti ndi tomwe aliyense amatola mu Elements, ndipo ndi tomwe timabwezera positala m'gulu la ofanana aja. Mpata wopanda kanthu uli ndi ntchito yake, ndi umene umachititsa kuti diso ligwere pa tsiku ndi malo. Chizindikiro cha mpingo chikhale chimodzi, chaching'ono, pakona. Pochikuza kapena kuchichepetsa, agwire pakona pake, kuti chisaphwatalale.

Kusindikiza kuli ndi zake. Pa Download, mlembi asankhe PDF Print, osati JPG, chifukwa mu PDF zilembo zimakhalabe zakuthwa pa kukula kulikonse. Mapulinta ambiri a m'mashopu a fotokope safika m'mphepete mwa pepala, amasiya kamzere koyera kuzungulira, ndipo nthawi zina amadya mawu omwe ali m'mphepete kwambiri. Mawu onse akhale masentimita 1.5 kuchokera m'mphepete. Ngati positala ikupita kwa osindikiza akuluakulu omwe amadula mapepala ndi makina, pamafunika kuti mtundu wakumbuyo upitirire malire a pepala ndi mamilimita 3, ndipo potsitsa achonge pa Crop marks and bleed. Mitundu nayo imasintha. Sikirini imapanga mitundu ndi kuwala, pulinta ndi inki, ndipo wobiriwira kapena wabuluu wowala kwambiri amatuluka wozimirira papepala. Kusankha CMYK, komwe kumathandiza pa izi, n'kwa olipira. Wogwiritsa ntchito yaulere asindikize pepala limodzi kaye, alimate pakhoma, abwerere m'mbuyo mapazi 8 kapena 10, aone.

Pepala loyeseralo lipitenso kwa munthu wina yemwe sadakhale nawo pa zokambirana za komiti. Alione kamphindi, alitembenuze, kenako anene kuti kuli chiyani, liti, kuti. Akakayika pa chimodzi, chimenecho chikule kapena china chichoke. Kenako awerenge mawu onse mokweza, ayang'ane pa kalendala ngati 14 Juni ndi Lowerukadi chaka chimenecho, ndipo ayimbe nambala yomwe yalembedwa kuti aone ngati ikulira m'thumba la munthu woyenera. Wopanga positala saona zolakwa zake, chifukwa amawerenga zomwe ankafuna kulemba.

Positala ya pa WhatsApp ndi ntchito ina, ngakhale kuti ambiri amangotumiza ya A3 yomweyo. Sikirini ya foni ndi yaitali ndi yopapatiza, ndipo positala ya pepala ikaikidwapo, mayina a makwaya amachepa ngati nyerere. Mlembi atsegule tsamba latsopano la mapikiselo 1,080 m'lifupi ndi 1,920 m'litali, akopere chithunzi, mutu, tsiku, malo ndi mtengo, zotsalazo azilembe m'uthenga woperekeza. Kumwamba ndi kumunsi asiyeko mpata, chifukwa pa Status dzina la mwini foni ndi malo oyankhira zimaphimba mbali zimenezo. Iyi atsitse ngati PNG.

Mfundo zonsezi sizidalira Canva. Amene amagwiritsa ntchito PixelLab pa foni, Adobe Express, kapena Inkscape pa kompyuta amakumana ndi mafunso omwewo a mutu, chithunzi ndi mpata. Ndipo tempuleti si yoletsedwa. Munthu atha kubwereka mafupa ake, kutanthauza pomwe pakhala chithunzi ndi pomwe pakhala mutu, n'kusintha chithunzi, mitundu ndi mafonti, komanso kuchotsa zokometsera zonse.

Positala ya mlembi uja imatha ili ndi chithunzi chimodzi, mafonti awiri, mitundu itatu ndi mawu osapitirira 40. Chaka chamawa kwaya ikadzakonza phwando lina, sadzayambanso pachiyambi. Adzatsegula yomweyi, adzasankha Make a copy, adzaika chithunzi chatsopano ndi tsiku latsopano, koma wobiriwira uja ndi zilembo zija adzazisiya momwemo, kuti anthu a ku Ndirande azidzadziwa kuti ndi ya kwaya yawo asanawerenge n'komwe.